Mchira Wofulatira Dzuwa: Chimene Chimaukankha, ndi Kumene Makometi Amachokera

Anthu ambiri akaona chithunzi cha nyenyezi ya mchira, imene asayansi amaitcha kometi, amangoti mchirawo ndi fumbi lotsalira m'mbuyo chifukwa cha liwiro, ndiye kuti kumene kwaloza mutu n'kumene ikulowera. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kumene kometi imayenda kulibe mpweya woti n'kukokera kanthu m'mbuyo. Chinthu chikathothoka pa kometi, chimapitiriza ulendo limodzi nayo pa liwiro lomwelo, pokhapokha patapezeka mphamvu ina yochikankhira pambali. Mphamvu yoteroyo ilipo, ndipo imachokera ku dzuwa. N'chifukwa chake kometi ikamapita ku dzuwa mchira umakhala kumbuyo, koma ikazungulira n'kuyamba kubwerera, mchira ndi umene umatsogola. N'chimodzimodzi utsi wa sitima ya pamadzi mphepo yamphamvu ikamawomba kuchokera kumbuyo: utsiwo umapitirira sitimayo n'kukhala patsogolo.

Zimenezi zinadziwika kalekale. Mu 1531 Peter Apian wa ku Jeremani anajambula kometi imene pano timaitcha Halley masiku angapo motsatizana, ndipo pa chojambula chilichonse analemba mzere wochokera pa dzuwa kudutsa pa mutu wa kometiyo. Mchira unkagwera pa mzerewo nthawi zonse. Kudziwa chifukwa chake ndi kumene kunatenga zaka zoposa 400.

Tilongosola nkhaniyi potsatira kometi imodzi, Hale-Bopp ya mu 1997, chifukwa michira yake inkaoneka bwino ndipo njira yake inayezedwa mosamala. Mitunda tiziitchula m'ma AU. AU imodzi ndi mtunda wa pakati pa dziko lathu ndi dzuwa, makilomita pafupifupi 150 miliyoni.

Chimene chili pakati pa kometi ndi chibuluma cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi komanso mipweya ina youndana, makamaka kaboni dayokisaidi ndi kaboni monokisaidi. Zambiri mwa zibuluma zimenezi n'zamakilomita ochepa chabe. Cha Halley ndi makilomita pafupifupi 15 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo chombo cha mumlengalenga cha Giotto chitachijambula mu 1986 chinapezeka kuti n'chakuda bii, chimabweza magawo 4 okha pa 100 a kuwala kumene kwafikapo. Cha Hale-Bopp n'chachikulu kwambiri, makilomita pafupifupi 60. Chibulumachi chikakhala kutali ndi dzuwa sichikhala ndi mchira ngakhale pang'ono. Chikayandikira, ayezi amatenthedwa, koma sasungunuka n'kukhala madzi oyenderera. Popeza palibe mpweya womupsinja, amasanduka nthunzi mwachindunji. Ayezi wa madzi amayamba kuchita zimenezi mwamphamvu kometi ikafika pa ma AU atatu, pamene kaboni monokisaidi amayamba kuuluka idakali kutali kwambiri. Ichi n'chifukwa chake Alan Hale ndi Thomas Bopp anatha kuiona kometiyi pa 23 Julayi 1995 ili pa ma AU oposa 7, kupitirira pulaneti ya Jupita: kaboni monokisaidi anali atayamba kale kutukula fumbi. Pofika pa 1 Epulo 1997, itayandikira dzuwa pa 0.91 AU, inkataya matani pafupifupi 300 a madzi pa sekondi iliyonse.

Nthunzi ndi fumbi zimenezi zimatuluka kwambiri ku mbali yoyang'ana dzuwa, chifukwa ndi imene yatentha. Ndiye poyamba zimalowera ku dzuwa, kenaka n'kubwezedwa. Zobweza zake zilipo ziwiri, ndipo chilichonse chimapanga mchira wakewake.

Mchira wa fumbi

Kuwala kumakankha chinthu chimene kwawalirapo. Kukankhako n'kochepetsetsa: pa mtunda wa AU imodzi, malo a sikweya kilomita yathunthu amakankhidwa ndi mphamvu yosakwana kulemera kwa theka la kilogalamu pano padziko. Mwala sungamve kanthu. Koma kambewu ka fumbi kamamva, ndipo chifukwa chake chagona pa kukula. Kuwala kumakankha molingana ndi malo amene kwawalira, pamene dzuwa limakoka molingana ndi kulemera kwa chinthu. Mukachepetsa kambewu ka 10, malo owaliridwa amachepa ka 100 koma kulemera kumachepa ka 1,000. Kambewu kakamachepa, kukankha kumanka nikupambana kukoka.

Akatswiri amayerekeza mphamvu ziwirizi ndi nambala imodzi, β, imene ndi kukankha kwa kuwala kugawa ndi kukoka kwa dzuwa. Moyerekeza,

β ≈ 0.57 ÷ (ρ × s)

pamene ρ ndi kulemera kwa fumbilo m'magalamu pa kiyubiki sentimita, ndipo s ndi theka la kunenepa kwa kambewuko m'mamaikiromita. Maikiromita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mu fomulayi mulibe mtunda, chifukwa kuwala ndi kukoka zonse zimachepa mofanana mukamatalikira dzuwa. Kambewu kamasunga β yake kulikonse kumene kali.

Tiyeni tiwerengere. Pa AU imodzi, kukoka kwa dzuwa kumawonjezera liwiro la chinthu ndi mamilimita 6 pa sekondi, sekondi iliyonse. Kambewu kamene s yake ndi maikiromita imodzi, kolemera ngati madzi, kali ndi β ya pafupifupi theka, choncho kamatalikirana ndi mutu wa kometi powonjezera mamilimita atatu pa sekondi, sekondi iliyonse. Zikuoneka zazing'ono, koma palibe chokaletsa. Pakatha tsiku limodzi kamakhala katatalikira makilomita 11,000. Pakatha masiku 10 kamakhala pa makilomita oposa miliyoni imodzi, chifukwa nthawi ikawirikiza ka 10 mtunda umawirikiza ka 100. Tsopano tengani kambewu kamene s yake ndi mamaikiromita 100. β yake ndi 0.006, ndipo m'masiku 10 omwewo kamangosuntha makilomita 13,000, ndiye kuti kadakali m'kati mwa chifunga chozungulira mutu. Kuwala kwa dzuwa kumasankhula fumbi: losalala limapita kutali, lokhakhala limatsala pafupi.

Apa m'pamene pamachokera kupindika kwa mchira wa fumbi. Kambewu kalikonse kamachoka kali ndi liwiro la kometi, koma kwa iko dzuwa lili ngati lafooka. Kamalowa njira yotakasuka kuposa ya mutu, ndipo m'njira yotakasuka kamatsalira. Fumbi la dzulo latsalira pang'ono, la sabata yatha latsalira kwambiri. Mukaziphatikiza zonse mumapeza mchira wotambalala, wokhota, woyera mopita kuchikasu chifukwa ukungobweza kuwala kwa dzuwa. Umafulatira dzuwa ndithu, koma nsonga yake imakhotera kumene kometi yachokera. Ndiye amene akufuna kudziwa kolowera kometi ayang'ane kukhotako, osati kumene mchira waloza. Kometi ya McNaught mu Januwale 2007 inaonetsa zimenezi mochititsa chidwi: inakhota mofulumira pafupi ndi dzuwa, ndipo fumbi lake linayala thambo ngati uta waukulu wa mizeremizere.

Mchira wa buluu

Pa zithunzi za Hale-Bopp pali mchira wachiwiri, wowonda, wowongoka, wa buluu, wopatukana ndi wa fumbi uja. Umenewu ndi wa mpweya. Cheza champhamvu cha dzuwa chimathothola elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri ka magetsi, pa timagawo ta mpweya wotuluka pa kometi, ndipo timagawoto timatsala ndi chaji ya magetsi. Tikatero timatchedwa ma ayoni. Mtundu wa buluu umachokera ku ma ayoni a kaboni monokisaidi, CO⁺.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati mchira umenewunso ukukankhidwa ndi kuwala. Koma masamu ake ankakana. M'mchira wa buluu mumaoneka timfundo tomwe munthu angatsatire pa zithunzi zotengedwa motsatizana, ndipo timawonjezera liwiro kuwirikiza ka 100 kapena kuposa apo poyerekeza ndi kukoka kwa dzuwa. Kuwala sikungachite zimenezo pa ma ayoni amenewa. Mu 1951 Ludwig Biermann ananena kuti payenera kukhala timagawo tachaji totuluka m'dzuwa mosalekeza, mbali zonse, pa liwiro lalikulu. Eugene Parker analongosola mu 1958 mmene mphepo yoteroyo ingayambire, ndipo chombo cha Mariner 2 chinaiyeza kwa miyezi ingapo mu 1962. Imeneyi ndi mphepo ya dzuwa, yothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. N'zosangalatsa kuti mphepo imeneyi inadziwika poyang'ana michira ya makometi chombo chilichonse chisanakafikeko.

Pali mfundo imodzi imene kawirikawiri imadumphidwa. Mphepo ya dzuwa ndi yopyapyala kwambiri, timagawo tosakwana 10 pa kiyubiki sentimita, moti singakankhe ma ayoni a kometi pongowombana nawo. Chimene chimagwira ntchito ndi mphamvu ya maginito imene mphepoyo imanyamula. Chinthu chachaji sichidutsa mizere ya maginito mosavuta, chimaizungulira n'kumamatira. Mphepo ikafika pa kometi imatola ma ayoni olemera n'kuchedwa pakatipo, pamene m'mbali ikupitirira ndi liwiro lake. Mizere ya maginito imakoledwa pa mutu, nsonga zake n'kupindikira kumbuyo, ndipo ma ayoni amatsetsereka m'kati mwa mpindowo. Hannes Alfvén ndiye analongosola zimenezi mu 1957, ndipo chombo cha ICE chinazitsimikizira mu 1985 chitadutsa mumchira wa kometi ya Giacobini-Zinner.

Ngakhale mchira wa buluu suloza ndendende pa mzere wa dzuwa. Pa 1 Epulo 1997 Hale-Bopp inkathamanga makilomita 44 pa sekondi mopingasa mphepo ya makilomita 400 pa sekondi. Gawani 44 ndi 400, mupeza 0.11, ndipo kumeneko ndi kupendeka kwa madigiri pafupifupi 6. Mphepo ikakhala yothamanga, ya makilomita 750 pa sekondi monga imene imatuluka cha kumitu ya dzuwa, kupendekako kumatsika kufika pa madigiri atatu ndi kanthu. Ndiye mukayeza kupendeka kwa mchira, ndipo liwiro la kometi mukulidziwa, mwayeza liwiro la mphepo ya dzuwa pamalo amenewo.

Popeza mchirawu wamangika pa maginito, maginito akasokonezeka umaduka. Pa 20 Epulo 2007 chombo cha STEREO chinajambula mtambo wa mpweya wotentha wophulika kuchokera ku dzuwa ukuwomba kometi ya Encke, mchira wake n'kuthothoka wonse n'kutengedwa. Wina umamera pakangopita maola ochepa. Wa fumbi sukhudzidwa ndi zoterezi.

Zimene zimanamiza maso

Kuyesa lamuloli n'kosavuta. Kometi ikaoneka madzulo kumadzulo, mchira umaima kulowera m'mwamba kuchoka pamene dzuwa lalowera. Ikaoneka m'bandakucha kum'mawa, mchira umalozanso m'mwamba, kufulatira pamene dzuwa litulukire. Lembani mzere m'maganizo kuchokera pa dzuwa limene lili pansi pa chizimezime kudutsa pa mutu, ndipo mchira wa buluu ukhala pafupi ndi mzerewo.

Komabe pali nthawi ziwiri pamene maso amatsutsana ndi lamuloli. Yoyamba ndi pamene dziko lathu lili pakati pa dzuwa ndi kometi. Mchira umabisala kuseri kwa mutu, ndipo timauona kuchokera kunsonga. Kometi ya Holmes itaphulika mu Okutobala 2007 inkaoneka yozungulira, yopanda mchira weniweni, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chimenechi. Kufupika kwa mchira pathambo sikusonyeza kutalika kwake kwenikweni. Mu 1996 chombo cha Ulysses chinadutsa mosayembekezera mumchira wa Hyakutake pa makilomita oposa 500 miliyoni kuchokera pa mutu wake.

Yachiwiri ndi kamchira kosongoka koloza ku dzuwa, monga kanaoneka pa Arend-Roland mu Epulo 1957 ndi pa Tsuchinshan-ATLAS mu Okutobala 2024. Kumbukirani fumbi lokhakhala lija, la β yaing'ono. Limatsalira pang'onopang'ono m'mbali mwa njira ya kometi kwa miyezi, ndipo lonse limagona m'thyathyathya limodzi ndi njirayo. Dziko lathu likamadutsa m'thyathyathyamo, timaliona fumbilo cham'mphepete, ngati mzere wowonda, ndipo gawo lina la mzerewo limagwera ku mbali ya dzuwa monga tikuonera ife. Chizindikiro chake n'chakuti kamchirako kamasongoka kwa masiku ochepa okha, kenaka n'kufalikira dziko likadutsa.

Kumene zimachokera

Kometi singakhale pafupi ndi dzuwa nthawi yaitali. Chombo cha Rosetta, chimene chinayenda ndi kometi ya 67P kuyambira 2014 mpaka 2016, chinapeza kuti imalemera matani pafupifupi 10 biliyoni ndipo inataya matani pafupifupi 10 miliyoni pa ulendo umodzi wodutsa pafupi ndi dzuwa. Limenelo ndi gawo limodzi pa 1,000. Imazungulira dzuwa zaka 6 ndi theka zilizonse, ndiye pa mlingo umenewu ingathe m'zaka masauzande ochepa. Zina sizifika n'komwe pamenepo: ya Biela inagawanika pawiri mu 1846, Shoemaker-Levy 9 inagwera pa Jupita mu 1994, ISON inaphwasuka pafupi ndi dzuwa mu 2013. Koma dzuwa ndi mapulaneti zakhalapo zaka 4.6 biliyoni. Kuti makometi azionekabe lero, payenera kukhala malo ozizira kumene asungidwa, kumene amatulukako pang'onopang'ono.

Malowo sitiwadziwira pa mchira. Timawadziwira pa njira ya kometi, makamaka pa manambala awiri: kukula kwa njirayo, ndi kupendeka kwake poyerekeza ndi thyathyathya limene mapulaneti amazunguliramo.

Mu 1950 Jan Oort wa ku Netherlands anatenga makometi 19 amene njira zawo zinayezedwa bwino, n'kuona mmene njirazo zinalili makometiwo asanalowe pakati pa mapulaneti. Kubwerera m'mbuyo kumeneku n'kofunika kwambiri. Mukawerengera njira ya kometi ili pafupi, kukoka kwa Jupita kumakhala kutaisintha kale, ndipo ambiri amaoneka ngati achokera kunja kwa dera la dzuwa pamene si choncho. Mpweya wotuluka pa kometi nawonso umaikankha pang'ono n'kusokoneza masamu. Zimenezi zikachotsedwa, ambiri amapezeka kuti njira zawo zimafika ma AU masauzande makumi angapo, ndipo amabwera kuchokera mbali zonse za thambo, ena mozungulira ngati mapulaneti, ena mobwerera. Chimene chingapereke zotere ndi chimtambo chozungulira dzuwa mbali zonse, chimene pano chimatchedwa mtambo wa Oort, chofika mwina ma AU 100,000. Palibe telesikopu imene inaonapo chinthu chili kumeneko. Umboni wake ndi njira za makometi amene amagwa kuchokerako.

Kutalika kwa ulendo kumapezeka ndi lamulo la Kepler, P² = a³, pamene a ndi theka la kutalika kwa njira m'ma AU ndipo P ndi zaka. Ikani a = 20,000, mupeza zaka 2.8 miliyoni. Chinthu chozungulira dzuwa pa mtunda umenewo chimangoyenda mamita 200 pa sekondi, ndipo dzuwa lachigwira mofooka kwambiri moti kukankha pang'ono kumakwanira kuchigwetsera m'kati. Zokankhazo ndi kukoka kwa mlalang'amba wathu wonse, kumene kumapotoza njirazo pang'onopang'ono osalekeza, ndi nyenyezi zina zimene zimadutsa pafupi mwa apo ndi apo.

Zinthuzi sizinapangikire kumeneko, chifukwa kunalibe zipangizo zokwanira kuti ziumbike. Zinaumbika m'dera la mapulaneti anayi akuluakulu, kumene kunali kozizira mokwanira kuti madzi aundane, ndipo mapulanetiwo atakula anaziponya kunja. Zambiri zinapitiratu osabweranso. Zina zinafika kutali n'kutsala pang'ono kuthawa, ndipo kukoka kwa mlalang'amba kunatukula njira zawo kuti zisamabwererenso pafupi ndi mapulaneti.

Gulu lina la makometi silikugwirizana ndi mtambowu. Amenewa amazungulira dzuwa m'zaka zosakwana 20, pafupifupi onse amalowera kumene mapulaneti amalowera, ndipo njira zawo zapendeka pang'ono, ambiri osapitirira madigiri 30. Akanachokera ku mtambo wa mbali zonse, akanasunga kupendeka kosiyanasiyana. Julio Fernández mu 1980, kenaka Martin Duncan, Thomas Quinn ndi Scott Tremaine mu 1988, anasonyeza kuti gwero lawo liyenera kukhala lathyathyathya, kuseri kwa pulaneti ya Neptuni. Mu 1992 David Jewitt ndi Jane Luu anapeza chinthu choyamba m'deralo kupatula Pluto ndi mwezi wake, ndipo lero zodziwika zilipo masauzande. Limeneli ndi lamba wa Kuiper, pakati pa ma AU 30 ndi 50, kumene kumazizira kufika madigiri pafupifupi 230 pansi pa ziro. Zambiri za m'kati mwa lambayu zakhazikika ndipo sizisuntha. Zimene zimasanduka makometi makamaka n'zimene Neptuni anazimwaza kale, zokhala ndi njira zazitali zimene zimabwererabe pafupi naye. Neptuni akakoka chimodzi, amachipatsira pulaneti yotsatira, iyonso kwa inzake, kwa zaka mamiliyoni, mpaka Jupita atachilandira. Za 67P zikudziwika bwino: itadutsa pafupi ndi Jupita mu 1959, malo ake oyandikira dzuwa anatsika kuchoka pa 2.7 AU kufika pa 1.3 AU, ndipo inatulukiridwa patapita zaka 10.

Tiyese Hale-Bopp ndi manambala awiri aja. Inabwera pa njira ya zaka pafupifupi 4,200, ndipo lamulo la Kepler likupereka a wa ma AU 260, kutanthauza kuti inkafika ma AU oposa 500. N'kutali kuposa lamba wa Kuiper, koma n'kufupi kwambiri poyerekeza ndi mtambo wa Oort. Kupendeka ndi kumene kumathandiza apa: madigiri 89, njira yoimirira chilili pa thyathyathya la mapulaneti. Kupendeka kotere n'kwa makometi a ku mtambo. Ndiye tinganene kuti ndi ya ku Oort imene inadutsapo kale kangapo, mapulaneti n'kumaifupikitsira njira. Kufupikitsako tinakuona ndi maso: itadutsa pafupi ndi Jupita mu Epulo 1996, ulendo wake unatsika kufika pa zaka pafupifupi 2,400.

Halley imaonetsa bwino kuipa kodalira nambala imodzi. Imabwera zaka 76 zilizonse, ibweranso mu 2061, ndipo imakathera pa ma AU 35, kungopitirira Neptuni pang'ono. Poona zimenezi munthu angafulumire kunena kuti ndi ya ku lamba wa Kuiper. Koma njira yake yapendeka madigiri 162, ndiye kuti imazungulira dzuwa mobwerera, mosemphana ndi mapulaneti onse. Kupatsirana kochokera kwa Neptuni kufika kwa Jupita sikutembenuza njira chonchi kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake akatswiri ambiri amaika Halley ndi anzake oyenda mobwerera m'gulu lochokera ku mtambo wa Oort, lomwe njira zake zinafupikitsidwa ndi mapulaneti pa maulendo ambiri.